Dzina Lochokera M'mwambi Limabwera ndi Mchira Wake

Muuze munthu aliyense wokulira kuno kuti "walira mvula", kenako mukhale chete. Sadikira nthawi yaitali, amalizitsa yekha kuti "walira matope". Ngakhale atapanda kutulutsa mawu, mumtima mwake watsiriza kale. Mwambi ndi wotero. Uli ngati khasu ndi mpini wake, ukanyamula kumodzi kwinako kumatsatira.

Khalidwe limeneli ndi limene limakopa anthu amalonda kuti atenge dzina la katundu wawo m'miyambi. Pa lebulo ya botolo kapena pa chikwangwani cha golosale pamakwana mawu amodzi kapena awiri basi, koma mawuwo akachokera m'mwambi, wogula amawonjezera yekha otsalawo, ndipo mwini malonda amakhala ngati walankhula chiganizo chathunthu osalipira wolemba zikwangwani. Vuto lili pomwepo. Theka limene simunalembe lija silili m'manja mwanu. Limalankhulidwa ndi wogula, ndipo miyambi yathu yambiri imayamba mokoma n'kuthera pa chenjezo.

Tiyerekeze gulu la amayi a ku Mchinji amene akupanga chiponde. Mtedza akulima okha, chigayo chaching'ono agula, mabotolo a magalamu 250 afika. Chatsala ndi dzina. Pa msonkhano wina mmodzi akuti, "Chiponde chathuchi n'chokoma, tichitche Chikomekome." Dzinali likumveka bwino m'kamwa, lili ndi kayimbidwe, mwana akhoza kulitchula atamtuma kugolosale. Onse akuwomba m'manja. Koma pakhale gogo mmodzi pamenepo, anena mosachedwa kuti chikomekome n'cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu umanena za chinthu chokongola kunja koma choola m'kati. Tsono taganizani chimene wogula chiponde amaopa. Amaopa zimene sangazione: mtedza wa chuku umene unagayidwa pamodzi ndi wabwino, mchenga, mafuta owonjezera osadziwika. Dzina lija lapita kukakhudza pa bala penipeni. Likanakhala pa sitolo ya nsalu mwina likanangoseketsa, koma pa chakudya chotsekeredwa m'botolo likuneneza katunduyo mlandu umene mwini wake akuyesetsa kuukana.

Choncho ntchito yoyamba ndi yosavuta, ngakhale ambiri amaidumpha. Mukatenga mawu m'mwambi, nenani mwambi wonsewo mokweza mpaka kumapeto, kenako funsani kuti akulu amaunena pa nthawi yotani. Amaunena poyamikira kapena podzudzula? Pa ukwati kapena pa mlandu? Mawu akhoza kukhala okoma, koma ngati mwambiwo umamveka pokhapokha munthu akalakwa, fungo la bwalo la milandu limatsalira pa dzinalo.

Gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama likhoza kukopeka ndi dzina loti Phukusi la Moyo. Likumveka laulemu, ngati chinthu chamtengo wapatali chomangidwa bwino. Koma mwambiwo umati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Ukuuza munthu kuti asapereke chuma chake kwa wina, pamene gululo likupempha anthu kuti abweretse ndalama zawo liwasungire. Dzina lomwelo likanakhala pa ntchito yophunzitsa anthu kusamala thanzi lawo, mchira wake ukanagwira ntchito yabwino, chifukwa uthenga wake ndi womwewo: dzisamalire wekha. Mwambi suipa pawokha. Umaipa ukakumana ndi katundu amene mchira wake ukumutsutsa. Chimodzimodzi mwambi wa chala chimodzi chimene sichiswa nsabwe. Ndi wabwino kwambiri pa nkhani ya mgwirizano, koma sindingaulole kuyandikira saluni kapena malo ogona alendo.

Ilipo miyambi ya mchira wabwino. Nkhanga zinapangana kusanache, ndipo mawu oti Kusanache angakhale bwino pa bekale imene buledi wake amafika m'magolosale mbandakucha, kapena pa galimoto zonyamula ndiwo zamasamba kupita kumsika. Womalizitsa mwambiwo amapeza kukonzekera ndi kusunga pangano. Yotereyi ndi yochepa poyerekeza ndi yochenjeza, n'chifukwa chake imafuna kuifufuza modekha.

Amayi a ku Mchinji aja asiya Chikomekome. Wina akuti, "Basi tingofupikitsa, chikhale Chakoma." Apa pali misampha iwiri. Woyamba ndi mwambi wina, wa pusi amene anati ichi chakoma ichi chakoma mpaka anagwa chagada. Umenewu si woopsa kwambiri, chifukwa mawu oti chakoma timawanena tsiku lililonse osakumbuka pusi. Msampha wachiwiri uli kumpoto. M'Chitumbuka, kukoma ndi kupha. Botolo la chakudya lolembedwa kuti Chakoma likafika ku Rumphi kapena ku Mzimba, likhoza kuwerengedwa kuti chapha.

Pamenepa ndiyenera kunena mwachilungamo kuti kusiyana kwa zinenero sikupha dzina nthawi zonse. Mafuta ophikira a Kukoma ndi odziwika m'dziko muno, ndipo anthu ambiri akumpoto amadziwa Chichewa, amamva chimene dzinalo likutanthauza. Kampani yaikulu imakhala ndi wailesi, zikwangwani za m'misewu ndi zaka zambiri zophunzitsa anthu kumva dzina lake momwe ikufunira. Gulu la amayi khumi ndi awiri lilibe zimenezo. Botolo lawo likafika pa shelefu ku Mzuzu limakadzilankhulira lokha, ndipo ngati choyamba chimene wogula achita ndi kuseka n'kuitana mnzake kuti adzaone, ndiye kuti mwayi woyamba wapita. Dzina latsopano la munthu wochepa mphamvu liyenera kukhala loyera kuposa la wamkulu.

Malire a dziko nawo sali kutali ndi Mchinji. Chipata ili pafupi kuposa Lilongwe, ndipo Chinyanja cha m'matauni a ku Zambia chili ndi mawu ofanana ndi athu koma olemera mosiyana. Mneni woti kunyenga, amene ife timanena za munthu wopusitsa anzake, kumeneko ndi mawu akuchipinda osayenera kutchulidwa pagulu. Wamalonda wolemba pansi pa dzina lake kuti sanyenga makasitomala akhoza kukhala atanena zina zimene sanaganizeko. Kum'mwera ndi kumadzulo kwa Dedza ndi Mwanza kuli Mozambiki, kumene Chipwitikizi chimamveka m'misika ya ku Tete. Makampani akuluakulu a galimoto amadziwa bwino za msampha wa chinenero chimenechi. Galimoto ya Hyundai yotchedwa Kona imagulitsidwa ku Portugal ndi dzina loti Kauai, chifukwa dzina loyambalo limamveka ngati mawu otukwana m'Chipwitikizi. Pajero ya Mitsubishi inatchedwa Montero m'mayiko ambiri olankhula Chisipanishi pa chifukwa chofanana. Ngati makampani otero amafunsa kaye eni chinenero, ife amene Mtumbuka, Myao, Mlomwe, Msena ndi Mtonga tili nawo pa benchi imodzi kutchalitchi kapena pa mzere umodzi kuchigayo tilibe chifukwa cholekera kufunsa.

Kafunsidwe kake kali ndi luso. Musafunse kuti "dzinali likukoma?" Munthu waulemu ayankha kuti lili bwino, makamaka akaona kuti mwalikonda kale. Lembani dzinalo pa kapepala popanda kufotokoza kalikonse, mumpatse awerenge mokweza, ndipo muyang'ane nkhope yake asanayankhe. Kamwetulira kobisa, kuyang'ana kumbali, kubwereza kuwerenga kachiwiri, zimenezo ndi zizindikiro. Kenako mufunse kuti, "Mukuganiza kuti ndi dzina la chiyani?" ndiponso "Munthu wamwano angalisandutse chiyani?" Funso lachiwirili ndi limene limamasula anthu, chifukwa mwawapatsa chilolezo chonena zoipa popanda kuoneka kuti zachokera mwa iwo. Ndipo amuna ndi akazi muwafunse padera, achinyamata padera ndi akuluakulu. Mawu ambiri a m'thupi ndi a kuchipinda satchulidwa pamaso pa apongozi, ndiye mukasonkhanitsa onse pamodzi mumva chete amene mungamuyese chivomerezo.

Achinyamata a pa siteji ya minibasi ndi a kabaza ndi ofunika kwambiri pa mayeso amenewa, chifukwa iwo ndi amene amapatsa mawu akale matanthauzo atsopano. Akuluakulu nawo amagwira zimene achinyamata sangazione. Fisi pa chikwangwani akhoza kuoneka ngati nyama chabe ya nsagwada zolimba, yoyenera kampani ya maloko, koma aliyense wodziwa miyambo ina ya kumudzi amadziwa fisi wina woyenda usiku amene sitimutchula mwachisawawa. Chamba ndi gule, ndi mtundu wa chinthu, komanso ndi fodya wamkulu uja. Mpira ndi wosewera pabwalo komanso ndi wa abambo. Mawu oti kugona, kutsikira, kumwezi, kuthengo, onsewa ali ndi tanthauzo la masana ndi tanthauzo lina lonenedwa motsitsa mawu.

Kuzungulira mawu kumeneku kukhoza kukhalanso mphamvu. Makondomu a Chishango anayamba kugulitsidwa m'dziko muno mu 1994, nthawi imene munthu wamkulu sakanatha kuima pa kauntala n'kutchula chinthucho ndi dzina lake. Dzinalo linampatsa wogula mawu aulemu, a nkhondo ndi chitetezo, oti akhoza kuwanena ngakhale m'golosale muli anthu. Mpamba wa TNM, umene unayamba mu 2013, unatenga mawu amene mayi aliyense wogulitsa tomato amawadziwa: ndalama yoyambira geni, imene suidya ngakhale njala itavuta. Ndalama ya pa foni inali chinthu chachilendo, koma dzinalo linaiika m'gulu la zinthu zimene anthu amazisamala kale. Mayina awiriwa sanachokere m'mwambi, ndi mawu amodzi okhala ndi katundu wambiri, ndipo alibe mchira woti wogula amalizitse. Kwa woyamba kumene, njira imeneyi kawirikawiri ndi yotetezeka kuposa ya mwambi.

Koma mayina amene ine ndimawakonda koposa ali kumunda. Mu 2011 akatswiri a zaulimi anatulutsa mitundu ya mbatata yofiira m'kati, ndipo mwa mayina ake munali Kadyaubwerere, Anaakwanire, Kaphulira, Chipika ndi Mathuthu. Tamverani Kadyaubwerere. Si mwambi wakale, koma wapangidwa ndi dongo la mwambi: lamulo laling'ono, lonjezo, ndi kanthabwala ka pa msika, zonse m'mawu amodzi. Anaakwanire akulankhula ndi mayi amene akuwerenga pakamwa pa ana ake. Kaphulira akuuza mlimi kuti iyi imacha msanga. Chimanga cha Seed Co chinatsata njira ya nyama: Kanyani wocha msanga, Mkango wapakati, Njobvu wochedwa koma wobereka kwambiri. Mlimi amene sangakumbuke nambala 403 kapena 719 amakumbuka nyani ndi njobvu, ndipo amadziwa kale kuti wothamanga ndi uti, wolemera ndi uti. Apa pali phunziro la kapangidwe. Simukakamizidwa kudula mwambi umene ulipo. Mukhoza kuumba mawu atsopano m'kalembedwe ka mwambi, ndipo popeza ndi anu, palibe theka lina lobisika limene gogo angalitulutse.

Onaninso timawu ta kutsogolo. Ka- amachepetsa ndipo nthawi zambiri amakometsa, monga mwa Kanyani ndi Kaphulira. Chi- amakulitsa, koma amathanso kunyoza. Chipika ndi dzina labwino la mbatata yaikulu ngati chipika cha nkhuni, koma chi- yemweyo mukamuika pa munthu, monga chimkazi, mwatukwana. Ka- nayenso pa munthu wamkulu ndi chipongwe. Wopanga mafuta odzola kapena zovala za amayi ayenera kusamala kwambiri pamenepa, chifukwa dzina la katundu wotere limamveka ngati likunena wovalayo.

Pali mayeso ena amene ndimawaona ngati ofunika kuposa onse, ndipo satenga ngakhale mphindi zisanu. Ikani dzinalo m'ziganizo za pa kauntala. Dzina la malonda silikhala pa lebulo pokha, limalowa m'kamwa mwa wogulitsa pa tsiku limene katundu wasowa, wakwera mtengo kapena waonongeka. Nenani kuti "muli ndi chakuti?", "chakuti chatha", "chakuti chakwera", "chakuti chaola". Mayina a makhalidwe abwino, amene anthu amathamangira, ndi amene amavulala pano. Chiponde chotchedwa Chikondi chidzachititsa wogulitsa kuuza kasitomala kuti chikondi chatha. Moyo watha, Mtendere wasowa, Ulemu wakwera mtengo, Mwayi mulibe. Zina mwa izi zimangoseketsa ndipo dzina limapirira. Koma pa mankhwala, pa chakudya cha ana, pa galimoto zonyamula anthu, chiganizo choti moyo watha si choseketsa.

Kalembedwe nako kali ndi mbuna zake. Chichewa chimasiyanitsa mawu ndi kakwezedwe ka liwu, koma polemba sitionetsa. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika zimalembedwa mofanana, khungu la pathupi ndi khungu la maso chimodzimodzi. Sopo wotchedwa ndi mawu oti khungu ayenera kukhala ndi mawu ena pambali omveketsa kuti akunena liti. Kachizindikiro ka m'mwamba kaja kamene kamasiyanitsa m'bale ndi mbale kamatayika kawirikawiri: wolemba chikwangwani amakaiwala, ndipo pa adiresi ya pa intaneti sikaloledwa n'komwe. Chilembo cha h chikagwa, kuphonya kumasanduka kuponya. Choncho lembani dzinalo m'zilembo zazikulu zokhazokha, popanda kachizindikiro kalikonse, mawu onse ataphatikizana, muone ngati likunenabe zomwezo. Kenako muimbire foni munthu, mumuuze dzinalo kamodzi, alembe. Akalemba mosiyana ndi inu, makasitomala adzalembanso mosiyana.

Ndipo mawu amasintha m'manja mwanu muli chigwirire. Kampani ya Tata ya ku India inali itakonzeka kutulutsa galimoto yotchedwa Zica pamene matenda a Zika anabuka, ndipo mu 2016 inasintha dzinalo kukhala Tiago. Kuno kwathu chimene chimalanda mawu kawirikawiri ndi ndale. Golosale yotchedwa Tonse chisanafike chaka cha 2020 inkangonena za umodzi. Mgwirizano wa zipani wa dzina lomwelo utabwera, chikwangwani chomwecho chinayamba kuwerengedwa ngati mbendera, ena akukondwa ena akunyansidwa. Zam'tsogolo palibe angazidziwe, koma zimene zili kale ndi eni ake zimadziwika: tambala wakuda, chimanga pa nsalu yobiriwira ngati mtambo, manja ogwirana pa chikasu. Dzina labwino likhoza kuonongeka ndi mtundu wa utoto kapena chithunzi chimene mwaika pambali pake.

Tibwerere ku Mchinji. Atataya mayina awiri, amayi aja akhoza kutopa n'kunena kuti, "Tingolemba kuti Chiponde Chabwino." Dzinali lilibe manyazi alionse, koma lili ndi vuto la malamulo. Lamulo la zizindikiro za malonda, limene m'Malawi linakonzedwanso mu 2018, limateteza dzina lotha kusiyanitsa katundu wanu ndi wa ena. Mawu ongofotokoza katunduyo, monga chiponde, uchi, chokoma, chabwino, ndi a aliyense, ndipo simungaletse mnzanu wa ku Kasungu kuwalemba pa botolo lake. Mayina onyansa kapena onamiza wogula za chimene chili m'kati nawonso amakanidwa. Apa ndi pamene mawu a m'mwambi amapambana: sanena mwachindunji chimene chili m'botolo, choncho akhoza kukhala anuanu pa katundu wa mtunduwo.

Tinene kuti wina watchula mwambi woti pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo gulu latengapo mawu oti Mtolo. Tiuyese. Mwambi wonse ukunena za kudekha ndi kusonkhanitsa, ndipo umanenedwa polimbikitsa, osati podzudzula. Ukufanana ndi mbiri ya gululo, limene linayamba ndi kusonkha ndalama zochepa sabata ndi sabata. Pa kauntala, "Mtolo watha" kapena "ndipatseni Mtolo iwiri" sizipweteka khutu. Mulibe kachizindikiro kotayika, ndipo ndi lalifupi moti likwana pa botolo laling'ono ndi zilembo zooneka patali. Chofooka chake chilipo: mtolo umathanso kukhala katundu wolemetsa, monga tinenera za mtolo wa mavuto, ndipo dzinalo palokha silinunkhira mtedza. Zimenezi zimakonzeka ndi chithunzi cha mtedza womangidwa pamodzi ndi mawu oti chiponde olembedwa pansi pake. Chatsala ndi kulipereka kwa olankhula Chitumbuka, Chiyao, Chisena ndi Chilomwe, ndi kwa wachibale wa ku Chipata, aliyense payekha.

Likapambana pamenepo, ulendo ndi wa ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi ndi zizindikiro za malonda. Ambiri amaganiza kuti akalembetsa dzina la bizinesi ndiye kuti dzina la katundu latetezedwa. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chizindikiro cha malonda chimalembetsedwa pachokha, ndipo chimalembetsedwa m'gulu la katundu. Magulu amenewa alipo 45 pa dongosolo limene mayiko ambiri amatsata: chiponde ndi mafuta ophikira zili m'gulu 29, ufa, uchi, tiyi ndi khofi zili mu 30, zakumwa zosaledzeretsa mu 32. Ngati amayiwa akulingalira zodzagulitsanso ufa wa soya kapena uchi, aganizire gulu lachiwirilo pa nthawi yomweyo. Asanalipire, apemphe kuti afufuze m'kaundula ngati wina sanatenge kale dzinalo kapena lofanana nalo pakamvekedwe. Pempho likalandiridwa limalengezedwa kuti wotsutsa atsutse, ndipo likadutsa chitetezo chake ndi cha zaka 10, chotheka kuchiwonjezera.

Pa nthawi yodikirayo asasindikize malebulo zikwi zisanu chifukwa choti osindikiza atsitsa mtengo. Asindikize makumi asanu, aike mabotolo m'magolosale atatu kapena anayi, ndipo pakatha mwezi akafunse ogulitsa funso limodzi: anthu akabwera kudzagula chiponde chija, amachitchula kuti chiyani? Ogula ali ndi chizolowezi chopereka dzina lawolawo. Kampani ya African Lakes, imene abale awiri John ndi Frederick Moir anabwera kudzaiyendetsa mu 1878, anthu sanavutike ndi dzina lake la Chingerezi. Anaona magalasi a maso a John akunyezimira n'kumutcha Mandala, dzinalo linagwira masitolo ake onse, ndipo lero ndi dzina la dera mumzinda wa Blantyre. Ngati ogula a ku Mchinji akufika n'kunena kuti "ndipatseni Mtolo", dzina lagwira, malebulo ambiri aja asindikizidwe. Ngati akuti "cha amayi aja" kapena "cha chivindikiro chofiira", gulu likhalenso pansi, limve bwino mawu amene ogula akugwiritsa ntchito, chifukwa mwina dzina lenileni lili momwemo.